Siginecha ya imelo si chikwangwani cha maliro

Ndakwiya, ndipo ndilankhula. Loweruka lapitali galimoto yanga inanyamuka pa Boma m'mamawa itanyamula mipando 80 ndi tenti, kupita ku msonkhano wa bungwe lina ku Namwera. Dalaivala atakwera phiri lonse lija n'kufika pa tauni, anandiimbira: "Bwana, nditsitse pati?" Ndinatsegula imelo ya mkulu amene anaoda katunduyo kuti nditenge nambala yake. Pansi pa imeloyo panali kabokosi kopanda kanthu. Siginecha yonse, mizere ija ya dzina ndi nambala ya wolemba, anaipanga chithunzi, ndipo netiweki inali kukana kuchitsitsa.

Chitatuluka, ndinaona zodabwitsa. Malogo atatu, madigiri ndi masatifiketi ondondozana ngati mbiri yowerengedwa pamanda, vesi la m'Baibulo, kamtengo kobiriwira kondilangiza kuti ndisasindikize imelo, ndiye pakona tizilembo tating'onoting'ono ta manambala anayi. Poti ndi chithunzi, sungadinepo kuti foni iimbe, sungakopere. Ndinachita kukulitsa ndi zala n'kumalemba pa dzanja ndi bolopeni. Nambala yoyamba sikupezeka. Yachiwiri ndi ya pa tebulo ku ofesi, Loweruka ayankhe ndani? Yachitatu anayankha mayi wina, akuti akuluwo anasiya kalekale kugwiritsa ntchito laini imeneyo. Yachinayi ndiyo inalowa, patatha mphindi 40, dalaivala ali padzuwa. Mapanga awiri avumbwitsa, nanga anayi?

Abale anga, siginecha ntchito yake ndi imodzi: munthu adziwe kuti walemba ndani ndipo amupeza bwanji. Basi. Dzina lonse, udindo, dzina la kampani kapena bungwe, nambala imodzi imene imayankhidwa. Ngati anthu amabwera ku ofesi kwanu, onjezerani mzere wonena pamene muli, mmene timalondolerana kuno: msewu wake ndi chizindikiro chimene aliyense akuchidziwa. Mizere inayi, ikachuluka isanu. Choposa pamenepo mukumukwirira munthu nambala imene akuifuna.

Ndipo nambalayo ilembeni ndi zilembo zenizeni, osati m'chithunzi. Yambani ndi +265 n'kuchotsa ziro wa kutsogolo, ya 099 ikhale +265 99, ya 088 ikhale +265 88. Mukatero, wa ku Mozambique kapena mzungu wofuna malo ogona ku Cape Maclear amangodina n'kuimba. Ngati nambala yomweyo ili pa WhatsApp, nenani ndi mawu amodzi. Imelo yanu musailembenso, ili kale pamwamba pa uthengawo.

Ndikudziwa, ena munangopatsidwa chithunzicho ndi a ofesi kuti aliyense aike. Chabwino, koma amene akuvutika ndi ine, osati a ofesi. Logo imodzi yaing'ono sindikana. Koma chithunzi chikhale chokongoletsa, chisanyamule nambala. Mapulogalamu ena a imelo amabisa zithunzi mpaka wolandira atalola, ndiye kwa iye ndinu munthu wopanda dzina. Kwinanso malogo aja amafika ngati mafayilo omatidwa, image001.png, image002.png, munthu n'kumatsegula limodzilimodzi kufuna invoisi, bandulo ikutha.

Za madigiri, pepani akuluakulu, tikudziwa munavutikira. Koma ine wobwereketsa mipando ndikufuna kudziwa ngati ndinu amene mumasainira ndalama kapena ayi, ndipo chondiuza zimenezo ndi udindo wanu. Vesi likhale pa sitetasi. Mwandichedwetsera malipiro miyezi iwiri, pansi pake mwalemba za chikondi ndi kukhulupirika, mukufuna ndimve bwanji? Mtundu wofiira apa, wobiriwira apo, zilembo zopindikapindika ngati khadi la ukwati. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Kudziyesa n'kosavuta. Dzitumizireni imelo, muitsegule pa foni, osati pa kompyuta ya ku ofesi. Dinani nambalayo muone ngati ikuimba. Ngati siginecha yatalika kuposa uthenga, kapena mukuyendetsa chala cham'mbali kuti muione yonse, dulani. Mu Gmail ya pa kompyuta lowani pa Settings, kenako See all settings, mutsike mpaka pa Signature. Pomwepo mungasankhe kuti yonse izituluka pa imelo yatsopano yokha, poyankha pazikhala yaifupi, dzina ndi nambala. Tayankhana kasanu ndi kamodzi, malogo atatu aja abwereza kasanu ndi kamodzi, mtengo umene tinagwirizana ndikaupeze pati?

Ndiye pali enanso a mbali inayo, amene amatumiza kotesheni ya mamiliyoni pansi pake pali "Sent from my iPhone" basi. Dzina palibe, imelo yake ndi dzina lachibwana la ku sekondale. Ndikalipire iPhone?