Zimbabwe Idasindikiza, Zambia Idamanga Chikwama: Nanga Ife?

Amalume anga, amene adakhala zaka zambiri ku Harare asanabwerere kuno ku Nkhotakota, amasunga kapepala ka ndalama m'chikwama chawo chakale. Ndi ka madola 100 thiriliyoni a ku Zimbabwe, kamene kadatuluka mu Januwale 2009. Tsiku lina mnyamata wogula mpunga pa msika wa paboma adati, "Boma lingosindikiza ndalama lilipire aphunzitsi, vuto n'chiyani?" Iwo adangotulutsa kapepalako n'kumupatsa. "Iwe, kagule buledi ndi aka."

Funso la mnyamatayo si lopusa ayi. Boma likawononga zambiri kuposa misonkho yomwe latolera, limatha kukongola kwa anthu ndi mabanki, kupempha kunja, kapena kuuza Banki Yaikulu kuti ilipatse. Njira yomalizayi ndiyo timaitcha kusindikiza, ngakhale nthawi zambiri banki imangolemba manambala mu akaunti ya boma, mapepala n'kubwera pambuyo. Kupanga pepala la K5,000 kumadya ndalama yochepa kwambiri, koma pepalalo limagula katundu wa K5,000. Phindu lapakatipo ndilo akatswiri amati senyoreji. Mawuwa adachokera ku Chifalansa chakale, ponena za gawo lomwe mbuye wa dziko ankatapa munthu akabweretsa siliva kuti amusulire makobidi.

Tsono phindulo amalipira ndani? Tiyerekeze kuti pa msika pali matumba 100 a mpunga, ndipo ndalama zonse zowagulira ndi K10,000,000. Thumba lili pa K100,000. Boma labwera ndi K2,500,000 yatsopano, koma m'madimba simunatuluke thumba lina ngakhale limodzi. Tsopano K12,500,000 ikulimbirana matumba 100 omwewo, ndiye thumba likwera kufika K125,000. Boma litenga matumba 20. Mayi amene adamanga K100,000 pansonga ya chitenje sangagulenso thumba lodzaza, apeza magawo anayi mwa asanu. Matumba 20 aja achoka kwa iye ndi anzake popanda lisiti. Chimandiwawa n'chakuti msonkho umenewu umagwera wosunga ndalama m'manja ndi wodikira malipiro a pamwezi, pomwe mwini nyumba, ng'ombe kapena madola a ku America amapulumuka.

Ku Zimbabwe adayenda njirayi mpaka kumathero. Ndalama zolipira omenyera ufulu mu 1997, nkhondo ya ku Kongo kuyambira 1998, kenaka zokolola kutsika pambuyo pa kulanda mafamu mu 2000, zonsezi zidasiya dzenje lalikulu, ndipo Banki Yaikulu, imene kuyambira 2003 idali pansi pa Gideon Gono, inkalikwirira ndi ndalama zatsopano. Apa pali msampha. Anthu akaona kuti ndalama ikusungunuka, saisunganso: walandira m'mawa, masana wagula sopo kapena marandi. Ndalama ikamathamanga chonchi mitengo imakwera kuposa mmene asindikizira. Msonkho wowerengedwa mwezi uno ukamafika ku boma mwezi wamawa umakhala utatha mphamvu, dzenje n'kukula, boma n'kusindikizanso zochuluka kuti lipeze matumba 20 omwe aja. Boma lenilenilo lidalengeza kuti pofika Julaye 2008 mitengo idali itakwera ndi 231 miliyoni peresenti pachaka. Pa ndalama yawo adadula maziro 3 mu 2006, 10 mu 2008, 12 mu 2009, osathandiza. Mitengo idakhazikika atasiya ndalama yawo n'kuyamba kugwiritsa ntchito dola ya ku America ndi randi, ndiye kuti senyoreji yonse idapita kwa eni ndalamazo.

Zambia nayo idafika pa kukwera mitengo kopitirira 100 peresenti kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Mu 1993 boma la Chiluba lidaika lamulo loti unduna uwononge zokhazo zomwe zalowa m'thumba, osatapa ku Banki Yaikulu. Pofika 1995 kukwerako kudatsika kufika cha m'ma 35 peresenti. Sizidali zokoma: mwezi wopanda ndalama, zipatala ndi sukulu zakumidzi zinkakhala manja lende. Komabe kwacha yawo idakhalapo, ndipo podula maziro 3 mu 2013 ankadula pa ndalama yomwe anthu ankaikhulupirira kale.

Ife tili pakati. Sitinafike pa za ku Harare, koma boma lathu lakhala likutapa ngongole ku Banki Yaikulu, ndipo mu 1995 mitengo idakwera kupitirira 80 peresenti. Sindikunena kuti kukwera kulikonse n'kwa kusindikiza. Chilala, kusowa kwa madola, ndi kugwetsa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 zili ndi mbali yake. Ndipo chuma chikamakula, kuwonjezera ndalama pang'ono sikuvulaza. Kusiyana kwake muziona chonchi: chilala chimakweza chimanga, zokolola zikafika mtengo n'kutsika. Koma mukaona usipa, njerwa, lendi ndi kabaza zonse zikukwera limodzi, mpunga osatsika ngakhale mu Juni anthu akukolola, funsani kuti boma lili ndi ngongole yanji ku Banki Yaikulu poyerekeza ndi chaka chatha.