Nambala imodzi muilondole kuchokera ku mjigo mpaka pa tsamba loyamba

Anzanga amene mumasayinira malipoti a ntchito za uinjiniya, ndili ndi mawu. Ambirife tikati tayang'ana lipoti lisanapite kwa kasitomala, timatanthauza kuti taliwerenga kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto, takonza mawu olembedwa molakwika, basi. Ine ndikukana kuti kumeneko ndi kufufuza. Diso likamawerenga limatsata ziganizo, ndipo likafika pa nambala limangodumpha chifukwa nambala iliyonse payokha imaoneka yabwinobwino. Cholakwa chimaonekera pokhapokha mutaika nambala ziwiri pafupi n'kuzifunsa ngati zikugwirizana.

Ndikuuzeni za lipoti lina limene linafika pa desiki panga kutatsala tsiku limodzi kuti lipite. Linali la mjigo wongokumbidwa kumene, ndipo mwini wake ankafuna kudziwa ngati madzi ake angakwanire 40 m³ pa tsiku. Pa pepala limene amisiri analemba ali pamalopo, lothimbirira ndi matope m'mbali, panalembedwa ndi bolopeni kuti chidebe cha malita 20 chinkadzaza m'masekondi 10. Ndiye kuti poyesa ankapopa malita 2.0 pa sekondi. Ataunika mmene madzi ankatsikira, wolemba lipoti analangiza kuti mjigowo uzipopedwa pa malita 1.5 pa sekondi, kwa maola 10 pa tsiku. Mpaka pamenepa zonse zinali m'malo mwake.

Vuto linabisala mu tebulo lachisanu. Pamutu pa mzere wotsika panalembedwa m³/h, koma pansi pake panali 1.5 yemwe uja, wongotengedwa mu tebulo lachitatu pomwe muyeso wake unali L/s. Ola limodzi lili ndi masekondi 3600, ndipo 1 m³ ndi malita 1000, choncho lita imodzi pa sekondi ndi 3.6 m³ pa ola. Pamalo pamenepo panayenera kukhala 5.4. Taonani tsopano kumene zinakathera: wolembayo anachulukitsa 1.5 ndi maola 10, napeza 15 m³ pa tsiku, ndipo pa tsamba loyamba analemba kuti madzi ndi osakwanira, pakufunika mjigo wachiwiri. Chikhalirecho yankho loona ndi 54 m³, loposa 40 amene ankafunika. Munthu akanawononga ndalama zake kukumbitsa mjigo wina wosafunika chifukwa cha nambala imodzi imene inasamuka tebulo koma muyeso wake n'kutsalira m'mbuyo. Zimenezi zimandipweteka mtima, chifukwa kasitomala sakanatha kuzigwira yekha. Iye amawerenga tsamba loyamba n'kutikhulupirira.

Sindinachigwire powerenga ayi. Ndimasindikiza lipoti pa pepala, n'kutenga pensulo ndi kakyuleta, kenako ndimayambira pa mawu omangira nkhani amene ali pa tsamba loyamba. Nambala iliyonse imene ili pamenepo ndimaizunguliza, n'kuilondola chobwerera: yachokera mu tebulo liti, tebulolo laitenga kuti, mpaka ndikafike pa pepala lamatope lija. Paliponse pomwe nambala yawoloka kuchoka pa tsamba lina kupita pa lina, ndimalemba muyeso wake pambali ndi dzanja langa. Muyeso ukasintha koma nambala osasintha, kapena nambala ikasintha muyeso uli womwewo, ndimaima pomwepo. Pa lipoti ili ndinaima pa 1.5 uja, ndipo sipanathe mphindi khumi.

Zizindikiro nazo zinali ndi msampha wake. Chilembo Q chinkaimira malita 2.0 a poyesa m'mutu wachitatu, koma m'mutu wachisanu Q yemweyo ankaimira malita 1.5 olangizidwa. Wolemba amadziwa m'mutu mwake kuti akunena Q uti. Wogula pampu sadziwa. Akatola woyambayo, adzafuna pampu ya 7.2 m³/h m'malo mwa 5.4, ndipo pampu yotere imakoka madzi mofulumira kuposa mmene nthaka ingabwezere, mapeto ake madzi amatsika n'kufika pakamwa pa pampu, iyo n'kuyamba kumeza mpweya. Mankhwala ake ndi osavuta: chizindikiro chimodzi chikhale ndi tanthauzo limodzi m'lipoti lonse, ndipo zikakhala zinthu ziwiri, chilichonse chipatsidwe dzina lake. M'malipoti a mijigo muzisamalanso ndi s wamng'ono, amene amaimira kutsika kwa madzi komanso ndi chidule cha sekondi, pomwe S wamkulu ndi kasungidwe ka madzi m'nthaka. Wotaipa akangokuza chilembo chimodzi, wanena chinthu china. N'chimodzimodzi ndi miyeso ya SI: M wamkulu ndi miliyoni, m wamng'ono akakhala kutsogolo ndi gawo limodzi mwa magawo 1000, kotero MPa ndi mPa zimasiyana ka biliyoni. Ndipo kilo ndi k wamng'ono, tizilemba kPa osati KPa.

Panalinso kena kamene ndimakakonda kuwaonetsa achinyamata ongoyamba ntchito. Madzi asanayambe kupopedwa anali pa mamita 12.4 kuchokera pamwamba, pomaliza anali pa mamita 31.0. Kuchotsera kwake ndi 18.6, ndipo tebulo lina linalemba choncho, koma lina linalemba 16.8. Manambala awiri akasiyana, chotserani muone. Apa kusiyana ndi 1.8, ndipo 18 amagawika ndi 9. Manambala oyandikana akasinthana malo potaipa, kusiyana kwake nthawi zonse kumagawika ndi 9, ndiye mukaona zotere kayikirani chala cha wotaipa musanayambe kukayikira masamu. Koma musangosankha imene ikukusangalatsani. Bwererani ku pepala loyambirira mukatsimikize.

Za kuwonkhetsa m'matebulo ndingonena mwachidule. Excel imaonetsa nambala yofupikitsidwa koma imawonkhetsa yathunthu, choncho chiwonkhetso chikhoza kusiyana ndi 0.1 poyerekeza ndi zimene diso likuona. Zikatero lembani kamzere pansi pa tebulo kofotokoza. Kusiyana kukakhala kwakukulu, nthawi zambiri ndiye kuti wina anawonjezera mzere kumapeto ndipo SUM sinaufikire.

Ena amanena kuti ntchito imeneyi imadya nthawi pomwe kasitomala akuimba foni mowirikiza. N'zoona, lipoti la masamba makumi atatu limanditengera theka la tsiku. Koma pali zinthu ziwiri zimene sindigonja nazo. Wofufuza asakhale yemwe walemba, chifukwa wolemba amaona zimene ankafuna kulemba. Ndipo kufufuzaku kuchitike pa fayilo yomaliza yeniyeniyo, PDF imene ikupita, osati pa ya dzulo. Zolakwa zambiri zimene ndakumana nazo zimabadwa pokonza komaliza: nambala yasinthidwa mu Excel, koma tebulo limene linamatidwa mu Word ngati chithunzi latsala ndi yakale.

Ndivomerezenso malire ake. Kulondola kotereku kumangotsimikiza kuti lipoti silikudzitsutsa lokha. Ngati chidebe chija chinali cha malita 18 koma amisiri n'kumachiyesa cha 20, matebulo onse adzagwirizana bwinobwino ali olakwa. Zimenezo zimagwidwa kumalo a ntchito, poyesa chidebecho madzi asanayambe kupopedwa.

Lipoti lija linachedwa ndi tsiku limodzi. Tinakonza tebulo lachisanu, tinamusiyanitsa Q uja kukhala awiri, ndipo ndime yolangiza mjigo wachiwiri tinaichotsa yonse.