Chithunzi chapageti ndi masutikesi chija ndiye chimandiopsa

Maganizo anga pa zithunzi za holide ndi akuti anthu timaopa chithunzi cholakwika. Ambiri amadandaula za chithunzi cha kugombe kapena cha kuhotela, ati anthu adziwa komwe ndili. Kwa ine choopsa kwambiri ndi chija choyambirira, chojambulidwa m'mawa wonyamuka, banja lonse laima pageti, masutikesi ali pansi, aliyense akumwetulira, kumbuyoko nambala ya nyumba ili poyera ngati nayonso yaitanidwa kudzajambulitsa. Pansi pake nkulembapo kuti "tapita, tionana pakatha masabata awiri". Apa mwauza anthu zinthu ziwiri nthawi imodzi, komwe kuli nyumba yanu komanso masiku amene mulibe munthu.

Ena amati nambala payokha ilibe ntchito, nyumba za nambala 14 zilipo zambirimbiri. Zoona. Koma munthu amene akukufunani sayang'ana chithunzi chimodzi ayi, amalumikiza.

Tiyerekeze chonchi. Chithunzi choyamba ndi chapageti chija, 14 akuoneka pakhoma. Chachiwiri mwana wajambula ali m'galimoto mukutuluka, iye amafuna kuonetsa azibale ake atakhala kumbuyo ndi zikwama, koma pawindo pakuoneka chikwangwani cha dzina la msewu pakona pomwe mumakhotera tsiku lililonse, mwina theka lokha la dzinalo. Chachitatu sichaholide nkomwe, ndi pulofayilo yanu yomwe munalembapo kalekale mzinda umene mumakhala. Munthu amatsegula Google Maps, kulemba zilembo zomwe zaonekazo pamodzi ndi dzina la mzinda, mapuwo amamuthandiza okha kumaliza dzinalo. Ngakhale misewu ya dzina limenelo itakhala iwiri kapena itatu, amangoiona umodzi umodzi pa Street View, gawo la Google Maps loonetsa zithunzi zojambulidwa mumsewu, lomwe lakhalapo kuyambira 2007, kufananiza mtundu wa geti, denga, mtengo uli pambali. Komwe Street View sinafike, chithunzi cha setilaiti chimaonetsabe maonekedwe a denga ndi bwalo. Zonsezi sizifuna katswiri wa makompyuta, ndi foni chabe ndi munthu amene ali ndi nthawi.

Ndipo sizichita kufuna nambala yanu yeniyeni. Ngati pachithunzipo pakuoneka nambala ya aneba otsidya kwa msewu, basi zakwana, chifukwa malo amene wojambula anaima amadziwika poona mbali yomwe nyumbayo yaonekera. M'mizinda yambiri manambala amayenda mwadongosolo, 12, 14, 16 mbali imodzi, 13, 15, 17 mbali inayo, ndiye ukadziwa imodzi zinazo umangowerenga. Mwaulula nyumba ya aneba, mwaululanso yanu, iwo osadziwa kanthu.

Chomwe chimatipusitsa ndi sikirini ya foni. Chikwangwani chili kutali chimaoneka ngati kadontho, ife nkumati palibe angawerenge. Komatu kamera wamba ya mamegapikiselo 12 imatulutsa chithunzi cha madontho pafupifupi 4000 m'litali ndi 3000 m'lifupi, ndipo mafoni ambiri masiku ano amaposa pamenepo. Facebook ndi Instagram zimachepetsako chithunzicho mukachiika, inde, koma zikwangwani za misewu ndi manambala a nyumba anazipanga dala kuti ziziwerengeka patali, zilembo zazikulu, mitundu yosiyana kwambiri. Wina akachitsegula pakompyuta nkuchikulitsa, kawirikawiri zimawerengeka bwinobwino. Ngakhale zooneka pagalasi la galimoto kapena pawindo, zolembedwa chobwerera, amangotembenuza chithunzicho.

Pali gulu lina limandiuza kuti ine ndinazimitsa Location pa kamera ndiye ndili bwino. Mwachita bwino ndithu koma imeneyo ndi nkhani ina. Location ikakhala yoyatsa, foni imasunga malo a GPS mkati mwa fayilo ya chithunzi, m'gawo lotchedwa EXIF, losaoneka ndi maso. Masamba akuluakulu ngati Facebook ndi Instagram amachotsa zimenezo pa chithunzi chomwe anthu ena amaona, WhatsApp nayonso imachotsa mukatumiza ngati chithunzi wamba, koma mukatumiza ngati Document kapena pa imelo fayilo imapita momwe iliri ndi malo ake omwe. Chikwangwani ndi nambala ya pageti sizili mu EXIF, zili pachithunzi penipenipo, ndiye palibe tsamba lomwe lingakuchotsereni. Mutha kuzimitsa chilichonse mufoni, 14 uja akhalabe pakhoma.

Nanga zakuti ndimangoonetsa anzanga okha? Pitani mukaone mndandanda wa anzanuwo kaye, muone kuti ndi angati omwe mungawapatse makiyi a nyumba. Kuonjezera apo pa Facebook mukatchula munthu pachithunzi, anzake a iyeyo amathanso kuchiona ngati simunasinthe makonzedwe ake, ndipo sikirinishoti siipempha chilolezo kwa aliyense. Sindikunena za akuba okha. Pali munthu amene anathawa chibwenzi chankhanza nkusamuka, pali amene akutsatidwa ndi munthu wosamufuna, kwa oterewa adiresi ikadziwika ndi nkhani ya moyo, ndipo nthawi zambiri amene amaiulula ndi mnzawo wabwinobwino yemwe anabwera kudzawatenga paulendo nkujambula pageti.

Langizo lomwe limamveka paliponse ndi loti muziika zithunzi mukabwerako. Ndikugwirizana nalo theka. Limabisa nthawi yomwe nyumba ili yokha, koma silibisa nyumbayo. Chithunzi chapageti mukachiika mutabwerako adiresi yatulukabe, ndipo ikhala pamenepo mpaka chaka chamawa pamene mudzalembe kuti mwanyamukanso. Munthu amangobwerera m'mbuyo pa zithunzi zanu zakale.

Chomwe ine ndimaona kuti chimagwira ntchito ndi kukulitsa chithunzi musanachiike, kuyang'ana ngodya zonse zinayi osati nkhope zokha, chifukwa maso athu amathamangira kuona ngati tatuluka bwino. Yang'anani khoma, geti, bokosi la makalata, bini ya zinyalala yomwe ena amalembapo nambala ya nyumba, kapepala ka pasutikesi komwe mwalembapo dzina ndi adiresi, nambala ya galimoto. Mukapeza kanthu, kudula mbali imeneyo ndiye njira yabwino kuposa zonse. Ngati kuli pakati moti simungadule, phimbani ndi bokosi la mtundu umodzi losaonekera mkati. Kungochititsa chimbuuzi pang'ono sikokwanira, nambala ya manambala awiri ndi yosavuta kuiganizira poona maonekedwe ake, ndipo cholembera china cha mufoni chija chokhala ngati chowalitsira mawu chimaonekera mkati, wina akakweza kuwala kwa chithunzi zomwe munabisa zimatulukanso. Mukamaliza sungani ngati chithunzi chatsopano, kapena jambulani sikirinishoti ya chomwe mwakonzacho, muike chimenecho.

Mavidiyo ndiye ovuta zedi, chifukwa chikwangwani chimangodutsa kamphindi inu osachiona, koma wina amaimitsa pomwepo. Vidiyo yojambula galimoto ikutuluka pageti mpaka kufika mumsewu waukulu imaonetsa njira yonse, khota lililonse. Imeneyo ine sindingavutike nkuikonza, ndingoyamba kujambula tikafika kutali ndi kwathu. Chithunzi chonyamukira chija ngati mukuchifunadi, jambulani mkati mwa nyumba kapena mutatsamira khoma lopanda kanthu, ndipo uzaninso ana ndi amene akuperekezani, poti mafoni pagetipo sakhala anu okha.