Musangofunsa siteji, funsaninso zilembo zitatu zija

Maganizo anga lero apite kwa anzanga a kuno ku Kasungu amene tikusamala abale odwala khansa ya m'mawere. Munthu akabwerako ku Kamuzu Central, funso limene limamuchingamira pakhomo ndi limodzi: "Akuti ili siteji chani?" Akayankha kuti 3, pabwalo pamagwa zii, ena nkuyamba kale kunong'onezana zoti asavutikenso ndi maulendo a ku Lilongwe. Zimenezi zimandiwawa, chifukwa nambala imeneyo ili ndi nkhani yake, ndipo nkhaniyo imakhala italembedwa pa pepala lomwelo, m'zilembo zitatu: T, N ndi M.

Njira imeneyi anaiyambitsa dokotala wa ku France, Pierre Denoix, pakati pa 1943 ndi 1952, ndipo lero akuigwiritsa ntchito padziko lonse. T imanena za chotupa chenichenicho. N imanena za anabere oyandikana nacho, makamaka a m'khwapa. M imayankha funso loti kodi khansayo yafika kutali, monga ku mafupa, mapapo, chiwindi kapena ubongo. Dokotala amayamba wayankha mafunso atatuwa palokhapalokha, kenako ndi pomwe amatchula siteji.

Tiyerekeze mayi wina wa ku Santhe amene wapeza chotupa m'bere lakumanzere. Achipatala achiyeza, chili masentimita 3. Pa khansa ya m'mawere, chotupa chosapitirira masentimita 2 ndi T1, chopitirira 2 mpaka 5 ndi T2, chopitirira 5 ndi T3. Ndiye mayiwa ali pa T2. Dokotala akupisa dzanja m'khwapa, akupeza mwanabere wolimba koma woti akamukankha ndi chala akusuntha. Ameneyo ndi N1. Akanapeza anabere atagwirana pamodzi, osasuntha, ikanakhala N2, ndipo akanawapeza pamwamba kapena pansi pa fupa lopingasa la m'munsi mwa khosi, ikanakhala N3. Ajambula chifuwa, aunika m'mimba, sanapeze kanthu: M0. M'kabuku alemba T2 N1 M0, ndipo siteji yake ndi 2B, imene ambiri amailemba kuti IIB.

Apa ndi pamene ndikufuna tikhalepo pang'ono. Zilembozi saziphatikiza ngati masamu a ku pulayimale, kuti 2 kuphatikiza 1 kuphatikiza 0 ndiye siteji 3, ayi. Pali tebulo limene akatswiri anagwirizana ataona mmene odwala ambirimbiri anayendera, nkuika pagulu limodzi anthu amene matenda awo amayenda mofanana. Nchifukwa chake mayi wina amene chotupa chake ndi chachikulu, masentimita 6, koma m'khwapa muli bwinobwino, T3 N0 M0, nayenso ali pa 2B yomweyo. Chotupa chake chikuposa cha mayi wa ku Santhe kawiri, koma ali gulu limodzi, popeza kufika kwa khansa m'anabere kumalemera pafupifupi ngati kukula kwa chotupa.

Tsono taonani mbali ina iyi, imene imapusitsa ambiri. Chotupa chingakhale chaching'ono, sentimita imodzi ndi theka, chosapweteka nkomwe, koma sikani ikaonetsa kuti khansayo yafika ku chiwindi, imeneyo ndi M1. M1 ikangolembedwa, siteji ndi 4, kaya T ndi yotani, kaya N ndi yotani. Palibe kukambirana. Chimodzimodzinso, chotupa chikadya khungu mpaka kuphulika chilonda, kapena khungu la bere likatupa nkuoneka tibowotibowo ngati khungu la lalanje, kapena chikamatirira ku nthiti, chimakhala T4 posatengera masentimita. T4 yopanda M1 ndi siteji 3B, ndipo anabere akafika pa N3 imakhala 3C. Choncho mawu amene timakonda kutonthozana nawo oti "kakadali kakang'ono, tiyambe tagulitsa fodya" alibe maziko. Dzanja lanu limangomva T. N ndi M simungazidziwe muli pakhomo.

Chimene ndikukana ine ndi kuika siteji 3 ndi siteji 4 m'thumba limodzi. Pa siteji 3, kaya ndi 3A, 3B kapena 3C, chilembo chomaliza chimakhala M0 nthawi zonse. Khansayo yakula, yafika m'anabere kapena pakhungu, koma sinaoneke kutali. Cholinga cha madokotala pamenepo chimakhalabe chofuna kuichotseratu, ndipo kawirikawiri amayamba ndi kemo kuti chotupa chifwape, opaleshoni nkubwera pambuyo. Abale ena akamva kuti opaleshoni yaimitsidwa kaye, amaganiza kuti achipatala agwa ulesi kapena ataya mtima, nkumutenga wodwala kupita naye kwina. Kutereku ndiye kumupatsa matenda mpata woti M0 isanduke M1. Pa siteji 4 cholinga chimasintha, kumakhala kuchedwetsa matenda, kuchepetsa ululu ndi kutalikitsa moyo. Chimenechonso ndi chithandizo chenicheni, ndipo alipo amene amakhala nacho zaka.

Tibwerere kwa mayi wathu wa ku Santhe uja. Siteji yoyamba ija inachokera pa kugwira ndi manja ndi kujambula, ndipo nthawi zina mudzaona kachilembo ka c kutsogolo, cT2 cN1. Atachitidwa opaleshoni, chotupa ndi anabere a m'khwapa amapita ku labu. Kumeneko samayang'ana zoti akusuntha kapena ayi, amawerenga anabere amene muli khansa, ndipo zotsatira za ku labu amazilemba ndi kachilembo ka p kutsogolo. Mmodzi mpaka 3 ndi pN1, 4 mpaka 9 ndi pN2, 10 kupita m'tsogolo ndi pN3. Tinene kuti apeza 5. Pepala latsopano linena kuti pT2 pN2 M0, ndipo siteji yakwera kuchoka pa 2B kufika pa 3A. Apa mpamene mumamva anthu akuti mpeni ndiwo wafalitsa khansa. Si zoona. Khansayo inalimo kale m'anaberemo, kungoti chala cha dokotala sichingaone zimene makina a ku labu amaona. Zimathekanso kutsika: mwanabere amatupa ndi zambiri, chilonda cha pamkono, TB, HIV, ndipo amene ankaoneka ngati N1 akhoza kupezeka kuti alibe khansa. Zikatero mayi uja akanakhala T2 N0 M0, siteji 2A.

M0 nayo ili ndi malire ake, ndipo ndinene mosabisa. Tanthauzo lake ndi loti pamene anayang'ana sanapeze kanthu. Ekisire ya pachifuwa ndi sikani ya m'mimba zingaphonye timadontho ting'onoting'ono timene makina a CT angatione, ndipo sizinena zambiri za mafupa. Ndiye ngati wodwala akudandaula msana kapena chiuno chimene sichikuleka, chifuwa chosatha, kapena maso achita chikasu, muuzeni dokotala tsiku lomwelo. Musamubisire poopa kuti nambala ikwera, chifukwa chithandizo amachisankha potengera zilembo zomwezo.

Kanthu kena kakang'ono: pa pepala la ku labu pamakhalanso giredi, 1 mpaka 3, imene imanena mmene maselo a khansayo akuonekera kulusa kwake. Giredi 3 si siteji 3. Komanso masentimita ndatchulawa ndi a khansa ya m'mawere yokha. Ya m'matumbo, mwachitsanzo, T yake imayang'ana mmene chotupa chalowera mkati mwa khoma la thumbo, ndipo ya khomo la chiberekero madokotala ambiri amaiika m'magulu ndi njira ina yotchedwa FIGO. Musatenge tebulo la nthenda ina nkuyezera ina.

Pempho langa kwa anzathu ovala zoyera ndi loti muzilemba zilembo zonse zitatu m'kabuku, osati "siteji 3" yokha, chifukwa wodwalayo akabwerera kuno ku chipatala cha boma, amene amulandire amadalira kabuku komweko. Nanunso operekeza odwala, musatuluke m'chipinda musanafunse kuti T ndi ngati, N ndi ngati, M anaiyeza ndi chiyani, ndipo cholinga cha mankhwalawa ndi kuchiza kapena kuchedwetsa.