Musanagule ADC yodula, yezani kaye voliteji yoyerekezera

Mnzanga wina wa ku Matawale anadzipangira makina oswera mazira a nkhuku, ndipo kutentha kwa mkati mwake amakuyeza ndi sensa ya LM35 yolumikizidwa ku Arduino Uno. Mwezi wa Juni, pamene mphepo yotsika kuphiri la Zomba imalowa mpaka m'mafupa, anapiye anachedwa kuswa ndipo mazira ambiri anasukusa. Iye anaganiza zogula ADS1115, yomwe ndi ADC ya mabiti 16, kachipangizo kosandutsa voliteji kukhala nambala, poona ngati mabiti 10 a ADC ya mu Uno ndi ochepa. Ine maganizo anga ndi akuti vuto silinali pa mabiti, ndipo ambiri amene timaseweretsa zipangizozi timataya ndalama pamalo omwewa.

ADC siidziwa voliti. Chimene imachita ndi kuyerekeza voliteji ya sensa ndi voliteji ina yomwe yapatsidwa ngati muyezo, n'kugawa muyezowo m'masitepe, omwe pa mabiti 10 amakhala 1024. Uno mukangoisiya mmene ilili, muyezo wake ndi magetsi omwewo amene akuiyendetsa, omwe timangowaganizira kuti ndi mavoliti 5. Sitepe iliyonse imakhala mamilivoliti 4.88, ndipo popeza LM35 imatulutsa mamilivoliti 10 pa digiri iliyonse, sitepe imodzi ndi pafupifupi theka la digiri. Mazira amafuna madigiri 37.5, kutanthauza mamilivoliti 375, ndipo `analogRead(A0)`, yomwe imawerenga pini yolumikizidwa ku sensa, imabweza 76 kapena 77.

Tsono magetsi akathima, mnzangayo ankayendetsa Uno ndi pawabanki kudzera pa chingwe chachitali, ndipo titayeza ndi malitimita tinapeza mavoliti 4.7. Pamenepo sitepe imachepa kufika pa mamilivoliti 4.59, choncho kutentha komweko kumabweretsa 81. Pulogalamu, yomwe inkachulukitsabe ndi 5, inkaona madigiri 39.6 n'kuzimitsa chotenthetsera, ndipo inkakhutira pokhapokha nambala yabwerera pa 77, pomwe kutentha kwenikweni kunali madigiri 35.3. Mazira ankagona pozizira pamene sikirini inkaonetsa kuti zonse zili bwino. Chizindikiro cha vutoli n'chosavuta kuchiona: sinthani gwero la magetsi osakhudza sensa, ndipo nambala ikasuntha, dziwani kuti muyezo wanu ndiwo ukuyendayenda.

Mankhwala ake anali kale m'manja mwake, chifukwa ATmega328P, tchipi yomwe imayendetsa Uno, ili ndi muyezo wake wa mkati wa mavoliti 1.1 womwe susintha kwenikweni magetsi akatsika.

```
analogReference(INTERNAL);
float t = analogRead(A0) * 1.08 / 1024.0 * 100.0;
```

Ndi muyezo umenewu sitepe imakhala pafupifupi milivoliti imodzi, choncho mabiti 10 omwewo amasiyanitsa gawo limodzi mwa magawo khumi a digiri. Mwaona kuti ndalemba 1.08 osati 1.1. Opanga chipangizochi amanena okha kuti muyezowu ukhoza kukhala paliponse pakati pa 1.0 ndi 1.2, ndipo kusiyana kotereku kukhoza kukusocheretsani ndi madigiri atatu, choncho yezani pini ya `AREF`, pomwe muyezowo umaonekera, kamodzi pulogalamu ikuyenda, n'kulemba chimene mwapeza. Ifeyo tinapeza 1.08. Mawerengedwe oyambirira mukangosintha muyezo muziwataya. Kunena zoona, ADS1115 ikanathetsanso vutoli, koma chifukwa chakuti ili ndi muyezo wakewake wokhazikika, osati chifukwa cha mabiti ake ochuluka.

Nkhani ya nthawi inatulukira pambuyo pake, atawonjezera kuyeza batire la sola pa `A1` kudzera m'marezisita a makiloomu 470 ndi 33. Mkati mwa ATmega328P muli ADC imodzi yokha yomwe mapini onse amasinthana, ndipo ili ndi kakapasita ka mapikofaradi 14 komwe kayenera kudzaza kufika pa voliteji ya pini kuwerenga kusanayambe. Kuwerenga konse kumatenga mamaikirosekondi pafupifupi 104, koma nthawi yodzazira ndi kachigawo kochepa chabe ka nthawiyo. N'chifukwa chake opanga amalangiza kuti gwero lisapitirire makiloomu 10, pamene marezisita awiri aja, ADC imawaona ngati makiloomu 31. Kakapasitako kamakhala ngati chidebe chomwe mwachichotsa pampopi wodontha chisanadzaze, ndipo nambala imatsamira ku voliteji ya pini yomwe yawerengedwa kumene. Kuti mudziwe, werengani `A1` kawiri motsatizana mutangochoka pa `A0`. Ngati nambala yoyamba imasiyana ndi yachiwiri nthawi zonse ndiponso molowera mbali imodzi, vuto ndi limeneli. Tinaika kapasita ya mananofaradi 100 pakati pa `A1` ndi `GND`, ndipo nambala ziwirizo zinayamba kugwirizana.

Chotsala chinali kunjenjemera kwa manambala magetsi a m'nyumba akayaka, chifukwa waya wa sensa unkadutsa pafupi ndi wa chotenthetsera. Magetsi athu amazungulira ka 50 pa sekondi, choncho tinayamba kuwerenga kambirimbiri kwa mamilisekondi 20 athunthu n'kutenga avareji, kuti kukwera ndi kutsika kwa phokosolo kufafanizane. Waya uja tinausunthanso.