Usanatsegule tchanelo, lemba kaye mitu 30

Msuweni wanga wa ku Rosettenville, ku Joni, akufuna kutsegula tchanelo cha nthabwala pa YouTube, ati ndi zimene Amalawi amakonda. Amazikondadi, koma tawerengani anyamata amene akuchita kale zisudzo pa TikTok ndi pa YouTube. Ena ali ndi makamera awiri komanso gulu lonse la ochita nawo. Iye ali ndi foni yosweka galasi ndiponso tsiku limodzi lopuma pa sabata.

Ndinamupatsa pepala: "Aise, lemba mitu 30 ya mavidiyo osayang'ana pa foni." Pa nthabwala anathera pa 6. Nditati alembe za ntchito yake yosamalira pabwalo, imene wagwira zaka 9 kumpoto kwa Joni, cholembera chinathamanga chokha: chifukwa chake dziwe losambiramo limasanduka lobiriwira mvula yamabingu ikagwa, kuyeza `pH`, mlingo wa asidi m'madzi, kuti ikhale pakati pa 7.2 ndi 7.6 kolorini asanathiridwe, kufunditsa maluwa chisanu cha mu Juni chisanawawauke, kutchetcha kapinga osamumeta mpala. Anadutsa 30 tiyi asanazizire. Kwa ine muyeso woyamba ndi umenewu, chifukwa matchanelo ambiri amafa msanga eni ake atasowa chonena.

Komabe kudziwa pakokha sikubweretsa owonera. Tinalemba mawu m'bokosi losakira la YouTube n'kuona zimene limamalizitsa lokha, poti zimenezo ndi zomwe anthu amasakadi. M'Chingerezi mavidiyo a madziwe ndi mbwee, opikisana nawo ndi akuluakulu. M'Chichewa sitinapeze kanthu, ndipo iye anasekerera. Ndinamuuza asafulumire: pamene palibe wopikisana naye, mwina palibenso omvera. Umboni wabwino unali pa WhatsApp yake. Mwezi umodzi wokha, anyamata anayi ongofika kumene anamufunsa kathiridwe ka mankhwala a dziwe, akuopa kuchotsedwa ntchito.

Mukapeza opikisana nawo, musachite mantha ndi chiwerengero cha owatsatira. Onani tsiku limene anaika vidiyo yomaliza, ndiponso ngati tchanelo chaching'ono chili ndi vidiyo yowoneredwa kuposa owatsatira ake. Zikatero ndiye kuti mutuwo ukufunidwa koma ophika ndi ochepa.

Masamu nawo asakupusitseni. Kuti YouTube iyambe kugawana nanu ndalama za otsatsa malonda pa mavidiyo aatali, pamafunika otsatira 1,000 ndi maola 4,000 owonera m'miyezi 12. Ngati anthu amawonera mphindi 4 pa vidiyo iliyonse, pafunika kuwoneredwa ka 60,000. Nkhani za madziwe zokha m'Chichewa zingachedwe kufika pamenepo, n'chifukwa chake ndamuuza akuze pang'ono, chikhale tchanelo cha ntchito zapabwalo ku Joni kwa wongofika kumene, kuphatikizapo kakambidwe ka malipiro ndi abwana. Loweruka tikajambula yoyamba, ya dziwe lobiriwira, ngati abwana ake alola.