Wakumangani m'mimba ndi mpando, dzukani muyende

Lero ndakwiya ndipo sindibisa. Mnzanga wina wa kuntchito, munthu wamkulu ndithu, wandiimbira foni. Ofesi yake ndi yanga zangolekana ndi khoma. Akuti ndikatuluka masana ndimugulireko mapilitsi otsegula m'mimba, chifukwa akumva kudzimbidwa, chimbudzi chikuvuta kutuluka. Foni, abale! Munthu walephera kudzuka pampando kudzagogoda pachitseko changa, ndiye akudabwa kuti m'mimba mwauma?

Ndamuuza kuti achimwene, mapilitsiwo sindigula, tiyeni titulukire limodzi. Akuti ntchito yachuluka. Pakadafunda padajiwitsa.

Matumbo ali ndi minofu, amafinya chakudya n'kumachikankhira kutsogolo. Thumbo lalikulu ntchito yake ina ndi kuyamwa madzi m'zotsalira za chakudya, ndiye zikachedwa mmenemo zimauma, zimalimba, n'kumatuluka ngati za mbuzi. Thupi likamayenda, matumbo nawonso amathandizika kukankha. Mukakhala chopindika kuyambira m'mawa mpaka madzulo, m'galimoto mwakhala, pakompyuta mwakhala, kunyumba mwakhalanso, mukufuna chiwasunthe n'chiyani? Inde, kusamwa madzi okwanira ndi kusadya masamba ndi zipatso kumawonjezera, zimenezo aliyense amazidziwa. Ine ndikunena za miyendo.

Ndipo sindikunena zothamanga kapena kunyamula zitsulo ayi. Kuyenda basi. Nthawi yabwino ndi mukangotha kudya, chifukwa chakudya chikalowa m'mimba, thumbo lalikulu limayamba kukankha lokha, makamaka pambuyo pa chakudya cham'mawa. Pamenepo ndi pomwe muyenera kuimirira. Mphindi 10 kapena 15, kuyenda kwa ndawala koma koti mutha kucheza ndi mnzanu osapuma wefuwefu. Mwadya m'mawa, yendani. Mwadya masana, musabwererenso pampando mbale ikangotha, zungulirani kaye panja. Madzulo chimodzimodzi. Mphindi 10 katatu ndi mphindi 30, ndipo mukatero masiku 5 mwakwanitsa mphindi 150 pa sabata zomwe bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, limalimbikitsa munthu wamkulu. Chovuta pamenepa n'chiyani?

Pakati pa ntchito, lisathe ola muli chikhalire. Imirirani, kapereni nokha pepala lija mumatuma munthu, kwerani masitepe. Usiku musanagone, gonani chagada, kokerani mawondo pachifuwa, gwirani pang'ono, masulani, bwerezani kangapo. Mpweya wotupitsa mimba uja umapeza njira.

Koma chimene chimandinyansa kwambiri ndi ichi. Munthu wayenda, m'mimba mwayankha, chimbudzi chamupeza, iye akuti ndimalize kaye kalatayi. Wachibweza. Pakapita kanthawi chilakolako chija chatha, ndipo zomwe zikanatuluka zofewa zikupitiriza kuuma. Mawa ndiye kudzikakamiza, kubuula, mpaka mitsempha ya kuthako kutupa. Thupi likaitana, pitani. Kalata siithawa.

Mapilitsi ndilibe nawo chidani. Aja a senna kapena bisacodyl amagwira ntchito pakapita maola 6 mpaka 12, ndipo tsiku limene zathina amathandizadi. Koma kuwasandutsa chakudya cha sabata ndi sabata, uku muli phee pampando womwewo, si nzeru. Mawa lake vuto lili pomwepo, chifukwa chimene chalibweretsa simunachikhudze.

Musayembekezerenso zodabwitsa tsiku loyamba. Yendani tsiku lililonse kwa masabata awiri kapena atatu, ndiye muone. Ndipo musawerenge masiku okha, poti sikuti aliyense amapita tsiku ndi tsiku: ena katatu pa tsiku, ena katatu pa sabata, onse ali bwino. Onani ngati chikutuluka chofewa, osavutikira, ndipo mukutuluka m'chimbudzimo mukumva kuti mwamaliza.

Kuyenda kuli ndi malire ake, ndisakunamizeni. Ngati mukumwa mankhwala ochepetsa ululu monga codeine kapena tramadol, kapena mapilitsi owonjezera magazi, amenewo amamanga m'mimba paokha, kambiranani ndi adokotala. Ngati mukuona magazi m'chimbudzi, chikutuluka chakuda bii, mukuwonda osadziwa chifukwa, mukusanza, mimba yatupa ndipo ngakhale mpweya sukutuluka, kapena kapitidwe kanu kasintha kwa masabata angapo makamaka zaka zikapitirira 50, kumeneko si kwa miyendo. Pitani kuchipatala msanga.

Ndipo inu mabwana oitanitsa misonkhano ya maola atatu popanda kupumira, munthu akaimirira mukumuyang'ana ngati waba, mumaganiza kuti anthuwa alibe matumbo? Wina akazungulira panja mphindi 10 mukuti ndi waulesi, koma wongokhala pampando n'kumasewera pafoni ndiye wolimbikira ntchito. Kenaka chimbudzi chimodzi antchito onse, makiyi ake ali m'thumba mwa munthu amene wapita kumsonkhano.